Kalata ya kholo: mwana amadana ndi mazira

Madamu a Sitandade 2: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Mayi wina wandilembera kalata yakuti: "Mwana wanga ali ndi ziwengo za mazira. Akadya amatuluka totupa toyabwa, milomo imatupa, nthawi zina amasanza. Chonde asadye dzira, mayonezi, keke ndi mandasi ogula." Pasukulu pathu ana amadya nkhomaliro ya kukhitchini, ndipo Lachitatu ndiwo zake ndi mazira. Ndiyambire pati?

Sala a Sitandade 6: Lachitatulo mumupatse nyemba basi. Koma za keke mayiwo akuwonjeza. Dzira likapsa mu uvuni silivuta, mphwanga amadya bwinobwino.

Ametroni a kugonera: Sala, ana ena amadyadi zophikidwa mu uvuni, koma si onse, ndipo woti anene zimenezo ndi dokotala wa mwanayo. Kalata yati keke ayi, ndiye ayi. Madamu, inu pitani nokha kukhitchini. Chimene chimapweteka ana otere si dzira looneka m'mbale, poti ilo amalikana okha. Ndi chipande chomwe aomolera mazira kenako n'kuviika mu nyemba, kapena mafuta omwe akazingira dzira n'kuponyamo tchipisi. Mbale ya mwanayo iziomoledwa koyamba, ndi chipande chotsuka ndi sopo, n'kuvindikira. Asachotse dzira mumsuzi n'kumupatsa msuziwo. Masikono ena amawapaka dzira pamwamba kuti awale, choncho funsani amene amakubweretserani.

Aphunzitsi a nazale: Ndiye nkhuku ndi mkaka aleke? Wanga wina akamwa mkaka amatsegula m'mimba.

Ametroni a kugonera: Imeneyo ndi nkhani ina. Ambiri odana ndi mazira nkhuku amadya. Afunseni mayiwo, musangomumana ndiwo.

Ahedi: Kalatayo yasiya chinthu chachikulu: sinanene ngati mwanayo anabanikapo. Ayankheni mayiwo lero, abwere ndi buku lake la kuchipatala. Alembe mankhwala omwe dokotala anapereka, mlingo wake, ndi manambala awiri a foni. Piriton amathandiza kuyabwa kokha. Mwana akayamba kupuma movutika, mawu kusasa, lilime kutupa kapena kulefuka, pafunika jakisoni wa adirenalini. Thamangirani naye kuchipatala, makolo muwaimbire muli panjira. Asayende ndi miyendo yake: mugonekeni miyendo m'mwamba, koma ngati akubanika akhale tsonga. Zizindikiro zimabwera pakangopita mphindi zochepa, mwina mpaka maola 2, ndiye mphunzitsi wa piriyodi yamasana adziwenso.

Madamu a Sitandade 2: Zikomo Ahedi, ndawaitana mawa m'mawa. Nanga pa buleki? Anawa amagawana mandasi ndi zigumu zochokera kwawo. Ndimukhazike payekha?

Sala a Sitandade 6: Payekha ndiye bwino, simungaone manja onse.

Ametroni a kugonera: Ine ayi, mwana wa zaka 7 adzaona ngati chilango. Akhale ndi anzake pafupi ndi inu, onse asambe m'manja akatha kudya, kugawana muletse kalasi yonse.

Madamu a Sitandade 2: Kuletsa kugawanako makolo ena sakamvetsa. Ndimva kaye maganizo a mayi ake mawa.