Stop to eat ndi stop eating, kusiyana kwake kuli pati?

Kholo, Salima: Aphunzitsi a Chingerezi muli pagulu pano, thandizeni. Mwana wa Fomu 3 anapatsidwa chiganizo ichi: The doctor told him to stop ___ (smoke). Iye analemba to smoke, amulakwitsa. Nanga si zonse ndi "kusuta"?

Mphunzitsi, Nkhotakota: Sanamulakwire ayi, bambo. Vuto ndi loti stop ali ndi matanthauzo awiri, omwe ife timawapatsa aneni osiyana: kuima ndi kusiya. The driver stopped to buy fish at Chia, ndiye kuti dalaivala anaima pa Chia kuti agule nsomba. The driver stopped buying fish at Chia, ndiye kuti anasiya kugula nsomba pa Chia, mwina zinakwera mtengo. Ndiye mmene walembera mwanayo, dokotala akuuza wodwala kuti aime kaye, ayatse fodya!

Buying ameneyu ndi jerandi, mneni amene akugwira ntchito ya dzina. Ndi chinthu chimene chasiyidwacho. To buy ndi infinitivu, ndipo apa ikungonena cholinga choimira. Mwanayo aziyesa chonchi: aike in order pakati pa stop ndi to. Stopped in order to buy fish zikumveka, ndiye to ali pamalo pake.

Mayi a ku Chipoka: Lamulo lake ndi lachidule: to ndi zam'tsogolo, -ing ndi zakale. Remember to lock the door, usaiwale kukiya. I remember locking the door, ndikukumbukira kuti ndinakiya.

Mphunzitsi, Nkhotakota: Pa remember ndi forget mwalasa, mayi, koma lamulolo silifika patali. Avoid swimming at night akunena zam'tsogolo, komabe avoid salola to. Chimodzimodzi enjoy, finish ndi suggest. Want, decide ndi refuse amafuna to. Amenewa n'kungowaloweza basi. Msampha wina ndi I look forward to meeting you: to uyu ndi mperekezi, ndipo mneni wotsatira mperekezi amatenga -ing.

Wophunzira, Senga Bay: Koma ife tinaphunzira kuti -ing ndi zimene zikuchitika panopa. Ndiye stop smoking akusuta pompano?

Mphunzitsi, Nkhotakota: Iwe ukunena patisipo, wa mu He is smoking. Kalembedwe n'kamodzi, ntchito ndiyo yosiyana. Chotsa mawu a -ing, uikepo it. Stop it chikumveka, ndiye ndi jerandi. He is it tanthauzo lathawa, ndiye ndi patisipo. Patisipo amakhalanso mfotokozi: a sinking boat ndi bwato lomwe likumira, pomwe a fishing boat ndi bwato lophera nsomba, lingakhale lili pamchenga.

Kholo, Salima: Zamveka. Nanga It started raining ndi It started to rain, uziti ndi kusiya, uziti ndi kuima?

Mayi a ku Chipoka: Pamenepo palibe, zonse ndi mvula yayamba. Koma ine ndimamva ngati to rain ndi mvula yadzidzidzi.

Mphunzitsi, Nkhotakota: Zadzidzidzizo sindikugwirizana nazo, mayi. Ine pochonga zonse ziwiri ndimapereka malikisi.