Kumwamba kwa chithunzi changa kukuoneka kochita kumata

Abale anga muno mu Joni, amene mumadziwa Photoshop ndithandizeni. Ndikukonza chithunzi cha ukwati chomwe chinajambulidwa panja ku Rosettenville madzulo dzuwa likupendeka, kumwamba kunayera mbuu ndiye ndachotsa ndaikapo mitambo ina ya buluu. Koma eeh zikuonekeratu kuti nzomata, anthuwo nkhope zili chofiirira dzuwa likuwamenya kumanzere pomwe mitamboyo yawala kumanja. Ndaitembenuza ndi Flip Horizontal, kuwala kwagwirizana, koma mtundu ukukanabe. Match Color ndayesa, diresi la mkwatibwi likusanduka labuluu. Kodi ndiike Curves pa leya ya mitambo yokha ndi Clipping Mask nkuchepetsa buluu, kapena ndingosaka mitambo ina yojambulidwanso madzulo? Nanga kamzere koyera kotsalira m'mphepete mwa tsitsi ndi masamba mumakachotsa bwanji?