LUT ikuwotcha zoyera pa vidiyo ya chinkhoswe ku Mchinji

Anzanga okonza mavidiyo, ndithandizeni. Ndili ndi zojambula za chinkhoswe, kamera ya Sony, S-Log3 ndi S-Gamut3.Cine, ndipo ndikukonzera mu DaVinci Resolve ndi LUT yosinthira ku Rec.709.

Nodi zanga ndi zitatu. Yoyamba ndi ya kuwala ndi kuwongola zoyera, yachiwiri ndi ya LUT, yachitatu ndi ya kukhathamira kwa mtundu. Ndimayamba ndi kuwala chifukwa LUT siyang'ana chithunzi, imangosintha manambala. Imayembekezera kuti imvi yapakati ili pafupi ndi 41 peresenti, ndiye mukaipatsa chowala mopitirira, zoyera imazidula ndipo nodi yakutsogolo singazibweze.

Zapanja masana zili bwino. Ndinajambula mowalitsa ndi masitopu awiri kuti mithunzi isachite phokoso, kenako ndinatsitsa Offset, khungu linakhala bwino.

Vuto lili mu tenti madzulo. Mababu achikasu asakanikirana ndi kuwala kwa kunja, pomwe kamera inali pa 5600K. Ndikatsitsa Temp kuti nkhope zisiye chikasu, mthunzi wa pakhomo umasanduka wabuluu. Ndikakweza Offset kuti nkhope zioneke, malaya oyera amafika pamwamba pa Waveform, tsatanetsatane wa nsalu n'kutayika. Kuchepetsa Key Output Gain ya LUT kumangobweretsanso kutuwa kwa logi, ndiye sindikuona ngati ndi njira.

Kodi ndipatule pakhomo ndi Power Window LUT isanafike, kapena ndisiye LUT ndigwiritse ntchito Color Space Transform yokhala ndi Luminance Mapping? Amene mwayesapo pa khungu lakuda pansi pa mababu otere, mumatani?