Laputopu yalembedwa pa ndandanda, koma yomwe yabedwa ndi ina

Buloka watsopano: Akuluakulu, ndithandizeni ndisanamuyankhe kasitomala wanga. Akuba anathyola nyumba yake n'kutenga laputopu, foni ndi mphete yagolide. Katundu yense wa m'nyumba anamulembetsa pa inshuwalansi ya 40,000, malire a chinthu chimodzi ndi 1,500, ekisesi, yomwe ndi ndalama imene kampani imachotsa polipira kasitomala, ndi 250. Laputopu ndi ya 2,300, foni ya 900. Mphete anaigula 1,200 zaka 8 zapitazo, koma wodziwa mitengo ya zodzikongoletsera akuti yofanana nayo lero ndi 2,100. Mpheteyo sinalembedwe payokha. Laputopu ilipo pa ndandanda ya zinthu zolembetsedwa pazokha, koma kampani yakana kulipira yonse chifukwa nambala ya siriyo yomwe ili pa lisiti siyomwe ili pa ndandanda. Nditamufunsa, ndi pomwe wandiuza kuti yakale anapatsa mwana wake n'kugula ina miyezi isanu yapitayo. Mayiyu akuimba foni kawiri pa tsiku, ndipo ndikumumvera chisoni.

Ejenti wa kunthambi: Zonse pamodzi zangokwana 5,300, iye analembetsa 40,000. Akukaniranji? Alipire basi.

Mayi wa makileyimu: Ayi achimwene, 40,000 ija ndi denga la katundu yense. Pansi pake pali denga lina laling'ono la chinthu chilichonse chomwe sichinatchulidwe pachokha, ndipo ndi lomwe lagwira pano. Pa ndandanda sitilemba kuti "laputopu iliyonse yomwe kasitomala ali nayo". Timalemba makina amodzi, mtundu wake, nambala yake ndi mtengo wake. Yomwe inalembedwayo ili bwinobwino kwa mwana uja, sinabedwe. Yatsopanoyo kampani sinauzidwe, ndiye imagwera m'gulu la zosatchulidwa, malire 1,500.

Koma musanagonje, onani zinthu ziwiri. Mapangano ena amateteza katundu wongogulidwa kumene kwa masiku owerengeka, monga 30, podikira kuti mwini wake anene. Miyezi isanu mwina yapyola, komabe werengani. Chachiwiri ndi chowawa: fufuzani mu faelo yanu, maimelo ndi mauthenga onse. Ngati mayiyu anatchulapo za laputopu yatsopano kwa wina wa mu ofesi mwanu ndipo sizinafike ku kampani, nkhaniyo ndi yanu, osati yake.

Buloka watsopano: Ndayang'ana, mayi, palibe chomwe anatumiza. Koma nanenso pokonzanso pangano miyezi itatu yapitayo sindinamufunse ngati ndandanda yasintha. Ndinangotumiza kalata. Zikundipweteka.

Bambo wa zowerengera: Pa mphete muli ndi pogwira. Anagula 1,200, pansi pa malire, ndiye panalibe chifukwa choilembetsa payokha. Alipire 2,100 yonse.

Mayi wa makileyimu: Zoona bambo kuti tsiku logula panalibe cholakwa, ndipo mfundoyo imathandiza ngati kampani ikufuna kumunena kuti anabisa zinthu. Koma malirewo ndi a ndalama yomwe kampani itulutse pa chinthu chimodzi, sasuntha chifukwa cha lisiti yakale. Apa ndi pomwe zodzikongoletsera zimasiyana ndi zamagetsi. Laputopu ikamakalamba imatsika mtengo, pomwe mphete imangokhala m'kabokosi, golide n'kumakwera, mpaka kudutsa malire mwini wake osadziwa. N'chifukwa chake makampani ambiri amafuna kuti ziyesedwenso mtengo pakapita zaka zitatu kapena zisanu. Ine ndikuona 1,500 pa laputopu, 1,500 pa mphete, 900 pa foni. Zakwana 3,900, kuchotsa ekisesi, 3,650.

Mlongo wa magalimoto: Zili ngati zomwe zinandichitikira. Foni yanga ndinailembetsa, ngakhale IMEI ndinapereka, ija imatuluka ukaimba *#06#. Anandibera m'basi, kampani n'kukana.

Mayi wa makileyimu: Pepani achemwali, koma yanuyo ndi ina. Kulembetsa chinthu kumakweza malire ake, sikutanthauza kuti chatetezedwanso kunja kwa nyumba. Zakunja zimakhala ndi gawo lake, lolipira padera. Apa akuba analowa m'nyumba.

Bambo wa zowerengera: Pa mphete ndavomera. Koma 3,650 ija sindikugwirizana nayo. Ngati ekisesi ichotsedwa pa zomwe zatayika, 5,300, malire asanaikidwe, ndiye kuti yamezedwa ndi 1,400 yomwe mayiyu akuluza kale. Alandire 3,900.

Mayi wa makileyimu: Zonse ziwiri ndinaziona zikuchitika, zimatengera momwe pangano lalembedwera. Kwathu timayamba ndi malire, ekisesi pambuyo.

Buloka watsopano: Lathu langoti ekisesi ichotsedwa "pa kileyimu iliyonse", silinanene kuti choyamba n'chiti. Ndiwalembera a kampani kupempha 3,900, ndiwauze kuti mawuwo ndi osamveka ndipo anawalemba ndi iwo. Mayiyu ndimuimbira mawa m'mawa, ndimuuzenso kuti laputopu ya mwana ija akuilipirabe pulimiyamu. Anatchulanso ndolo zomwe akuba sanazione, iliyonse ya 1,000. Zimenezo n'ziwiri kapena chimodzi?

Mayi wa makileyimu: Mapangano ambiri zinthu zoyendera limodzi amaziwerenga ngati chimodzi, ndiye ndi 2,000, zadutsa kale malire. Muuzeni akaziyesetse mtengo, azijambule, zilowe pa ndandanda sabata ino.