Kalata ya kuchipatala: ndingatsimikize bwanji kuti ndi yoona?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi malo ogona alendo kufupi ndi nyanja kuno ku Mangochi, ndipo mmodzi mwa antchito anga anasowa masiku asanu. Lolemba anabwera ndi kalata yonena kuti anadwala malungo ndipo anauzidwa kuti apume.

Chomwe chandiimika mutu ndi ichi: chidindo chilipo koma n'chosaoneka bwino, dzina la amene anasaina silikuwerengeka, ndipo deti la pa chidindo likusiyana ndi lolembedwa pamanja ndi masiku awiri. Nditamufunsa za buku lake la kuchipatala, anati analiiwala kumudzi. Mnyamatayu wagwira ntchito kwa ine zaka zitatu osandivutitsapo, ndiye sindikufuna kumunamizira. Mwinatu anadwaladi.

Ndikuganiza zopita ndekha kuchipatalako ndi kalatayo, osati kuimba nambala yolembedwa pakalatapo, poti ngati ili yabodza, woyankhayo akhoza kukhala mnzake. Ndikudziwa kuti za matenda a munthu ndi chinsinsi, sangandiuze. Ine ndikungofuna kufunsa ziwiri basi: kodi kalatayi inachokeradi kwa iwo, ndipo kodi dzina lake lili m'kaundula wa odwala pa tsikulo? Kodi zimenezi amayankha popanda mwiniwake, kapena ndipite naye limodzi?

Nanga dzina la dokotalayo ndikalipeza, a Medical Council of Malawi angandiuze ngati ndi wolembetsedwa? Aphunzitsi akulu amene mumalandira makalata otere kwa ana asukulu, inu mumatani?