Kodi ndilembetse dzina la chiponde changa ndisanalipire wailesi?

Nachisale: Ndimapanga chiponde ku Mchinji, ndipo ndasunga K600,000 yosindikizira malebulo ndi kulengezetsa pa wailesi. Alamu anga akuti ndiyambe ndalembetsa dzina ndi logo ngati chizindikiro cha malonda. Satifiketi ya bizinesi ndili nayo kale, ndiye kodi kumeneku si kulipirira chinthu chimodzi kawiri?

Bambo a Tadala: Mayi, ine zinandionekera. Nditasindikiza malebulo 5,000 a tsabola wanga, ndinalandira kalata ya loya yonena kuti dzinalo likufanana ndi la kampani ina imene inalembetsa kale. Malebulowo akadali m'katoni kuseri kwa chitseko mpaka lero, ndipo amene anandijambulira logo anasiya kuyankha foni yanga.

Gogo Phiri: A Nachisale, satifiketi yanuyo imangosonyeza kuti mukuchita bizinesi m'dzina limenelo, koma chizindikiro cha malonda chimalembetsedwa pachokha pansi pa lamulo la zizindikiro za malonda la 2018, ndipo chitetezo chake ndi cha zaka 10 zimene mungathe kuwonjezera. Musanalipire china chilichonse, pemphani kuti akufufuzireni m'kaundula ngati palibe dzina lofanana nalo, ngakhale longofanana kamvekedwe. Dziwaninso kuti katundu anagawidwa m'magulu 45 ndipo mumalipira gulu lililonse palokha. Chiponde chili m'gulu 29, pamene tsabola wa m'botolo ali m'gulu 30, choncho mukadzayamba tsabola, kulembetsa koyambako sikudzakwanira. Kodi dzinalo ndi lotani?

Nachisale: Ndi "Chiponde Chokoma", gogo.

Gogo Phiri: Limenelo akhoza kulikana, mwanawe, chifukwa likungofotokoza katunduyo, ndipo aliyense wopanga chiponde ali ndi ufulu wonena kuti chake n'chokoma. Pezani dzina losakhudzana ndi mtedza, ndipo mulipeze malebulo asanasindikizidwe.

Achimwene a ku Limbe: Ine zing'onozing'onozi ndinazidumpha. Ndinapatsa loya wanga K900,000 n'kulembetsa kudzera ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa lolembetsa zizindikiro za malonda ku Harare, moti dzina langa ndi lotetezedwa m'maiko onse otizungulira.

Gogo Phiri: Si onse ayi. Njira imeneyo imafika m'maiko okhawo amene anasaina pangano la ARIPO lotchedwa Banjul komanso amene munawatchula pa fomu. Mozambique ndi Zimbabwe alimo, koma Zambia mulibe, ndipo a Nachisale akafuna kugulitsa ku Chipata adzayenera kulembetsa ku PACRA, ofesi yolembetsa ya ku Zambia, kapena kudzera m'pangano la Madrid lolembetsera zizindikiro m'maiko akunja.

Mayi a Chisomo: Loya amene ndinamufunsa ine sanatchule ngakhale theka la K900,000 ija, komabe ndinaona kuti ndi yambiri. Ndinangoika zilembo za ™, zongosonyeza kuti dzinalo ndi chizindikiro changa cha malonda, pa botolo la uchi wanga, zomwe ndi zaulere, ndipo chaka chino ndi chachitatu popanda wondivutitsa.

Bambo a Tadala: Zilembo zimenezo zinalipo pa malebulo anga, mayi.

Nachisale: Kufufuzako ndichita sabata ino. Koma makasitomala anga onse a pa Kamwendo amandidziwa ndi dzina lomwelo, ndiye kulisintha kokha kukundivuta kwambiri.