Makina odindira chala akundilemba kuti ndachedwa

Chisomo (kopakira katundu): Akuluakulu thandizeni. Shifiti yathu imayamba 6:00, ine ndimadinda chala cha m'ma 5:55. Koma pa pepala la malipiro andidula maola atatu, ati sabata yachiwiri ya mwezi ndinachedwa masiku onse 6. Kwathu ukachedwa ngakhale pang'ono amadula theka la ola. Ndiyambire pati?

Ankolo a ku Chirimba: Makina sanama mphwanga. Uzidzuka msanga basi.

Mayi a Tadala (ndinagwirapo ku malipiro): Amanama ankolo. Magetsi akazima batire la mkati litatha mphamvu, wotchi yake imasokonekera, ndipo imalembabe nthawi yolakwikayo mpaka wina aikonze. Chisomo, mawa podinda ujambule nthawi imene makina akuonetsa, pambali pake pakhale foni ya mnzako. Ufunsenso anzako a shifiti imodzi. Ngati nonse "munachedwa" ndi mphindi zofanana sabata imeneyo, vuto ndi wotchi.

Ndipo usawaone kuchepa maola atatuwo. Tinene kuti ola lako ndi K900, ndiye K2,700 yapita. Koma kumene ndinkagwira ine ovataimu imayamba kuwerengedwa maola 48 a sabata akakwana. Ngati unagwira 51, pepala lionetsa 48, ndipo atatu amene asowawo ndi a ovataimu, olipidwa ola ndi theka. Pamenepo wataya K4,050.

Chisomo: Ndafunsa awiri, onse awalemba 6:07 kapena 6:08. Ndiye makina ali patsogolo ndi mphindi ngati 12.

Jay wa folokolifiti: Ine anandidula tsiku lonse nditaiwala kudinda potuluka. Thamangirani ku leba, kudula malipiro n'koletsedwa.

Mayi a Tadala: Yako ndi nkhani ina Jay, imafuna siginecha ya kapitawo yotsimikiza kuti unalipo. Zoletsedwazo wanena mbali imodzi. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa, koma limamulola kusalipira nthawi imene munthu sanali pantchito popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. N'chifukwa chake nkhondo yonse ili pa nthawi yolembedwayo.

Ku leba musayambireko. Lembani kalata kwa a HR, mutchule deti lililonse, nthawi ya makina ndi nthawi imene munafikadi. Pemphani akusindikizireni mndandanda wa madindidwe anu, aufananize ndi buku la alonda pageti. Kalata ikhale ziwiri, ina akudindireni chidindo musunge. Za pakamwa kwa kapitawo zimathera pomwepo. Chitani asanatseke malipiro a mwezi uno, apo ayi mudikira wamawa. Akakana, ndiye ku ofesi ya zantchito ya boma lanu, zikakanika kumeneko kukhoti la Industrial Relations.

Ankolo a ku Chirimba: Nanga wochedwadi mphindi 7, kumudula mphindi 30 si chindapusa chomwecho?

Mayi a Tadala: Kwa ine ndi chindapusa ndithu, koma mabwana amati zili mu kontalakiti munasainira nokha. Imeneyo mukaifunse kwa a leba.

Chisomo: Vuto pageti pathu amalemba magalimoto okha, oyenda pansi ayi.